A msonkho akufuna K9 miliyoni: kodi ndazemba, nanga umboni apereke ndani?

"Ndine wamalonda wa pa Lizulu. Ine ndi mayi a kunyumba tili ndi kakampani kolembetsa, timagula mbatatesi kwa alimi n'kumaperekera m'sukulu zogonera komweko ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Chaka chatha ndinalemba kuti ndagulitsa katundu wa K40 miliyoni, ndinagula wa K28 miliyoni, mayendedwe ndi zina K6 miliyoni, ndipo ndinalipira msonkho wa K1.8 miliyoni. A msonkho ataona mabuku akuti ku banki kunalowa K48 miliyoni, ndipo pa zogula avomereza K12 miliyoni yokha chifukwa ndi yomwe ili ndi malisiti. Pano akuti msonkho wanga ndi K9 miliyoni. Pa K8 miliyoni yapamwambayo, K5 miliyoni anandibwereka achimwene a ku Joni, K3 miliyoni ndi ya mbatatesi yomwe ndinagulitsa pamsewu osalemba. Mnzanga akuti tigule buku la malisiti tilembe a chaka chatha, kenako theka la bizinesi ndiliike m'dzina la mayi. Akuti kumeneko n'kupewa, si kuzemba. Kodi ndimangidwa? Nanga si iwowo oyenera kuonetsa umboni woti ndalakwa?"

Bambo, mtima m'malo. Kalata imene mwalandirayo si chikalata chokumangani, komanso si chigamulo cha khoti. Ndi chiwerengero cha msonkho monga momwe a MRA auonera potengera mapepala amene ali nawo m'manja, ndipo lamulo limakupatsani mpata wochitsutsa. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza amalonda pa nkhani za msonkho, makalata otere ndawaona ambiri, ndipo chiwerengero chimatsika kwambiri munthu akabwera ndi umboni wolongosoka. Chomwe chandidetsa nkhawa m'uthenga wanu si K9 miliyoniyo ayi. Ndi buku la malisiti lija. Musaligule, ndipo ngati mwagula kale musalembemo kanthu. Ndifotokoza chifukwa chake, koma tiyambe ndi mawu awiri amene mnzanuyo wawasokoneza.

Kupewa msonkho mwalamulo ndi kukonza malonda anu m'njira yoti msonkho uchepe, koma zonse zili poyera, zochitikadi, ndipo a msonkho atafunsa mukhoza kuwafotokozera osabisa kalikonse. Mukagula lole ya bizinesi, lamulo limalola kuti gawo la mtengo wake lizichotsedwa pa phindu chaka ndi chaka. Mukaluza chaka chino, zoluzazo mukhoza kuzichotsera pa phindu la zaka zotsatira, mpaka zaka 6. Msonkho umene sukulu zija zimadula pokulipirani si ndalama yotayika: mukasunga ziphaso zake, umachotsedwa pa msonkho wanu wa pachaka. Amalonda ambiri a kuno sachita n'komwe zimenezi, amalipira zoposa zomwe akanalipira, pomwe zonsezi n'zololedwa ndipo palibe cholakwika kuzigwiritsa ntchito.

Kuzemba ndi nkhani ina. Apa msonkho umakhala kuti wabadwa kale, ngongole kwa boma ilipo, koma munthu akubisa kapena kunama kuti asailipire. Kugulitsa osalemba mwadala, kukhala ndi mabuku awiri, lina la iwe mwini lina loonetsa a msonkho, kulemba zogula zomwe sizinagulidwe, kudutsa ndi katundu njira zachidule kuthawa chipata. Ine ndikafuna kudziwa mbali yomwe chinthu chili, ndimafunsa kasitomala funso limodzi: njira imeneyi igwirabe ntchito a msonkho atadziwa zonse zimene inu mukudziwa? Ngati yankho ndi inde, tili pa kupewa. Ngati njirayo ikudalira kuti iwo asadziwe kanthu kena, ndiye kuti tawoloka kale.

Yesani malisiti a mnzanuwo pa funso limeneli. Lisiti lolembedwa lero koma n'kuikapo deti la chaka chatha, n'kusainira mlimi amene sanaligwirepo, limagwira ntchito pokhapokha odita asadziwe kuti lalembedwa lero. Tsono chowawa n'chakuti mbatatesiyo munaguladi. Panopa muli ndi choonadi chopanda mapepala, vuto lomwe limatheka kulikonza. Mukalemba malisiti abodza mudzakhala mwasandutsa choonadicho kukhala chinyengo, ndipo mkangano wa ndalama udzasanduka mlandu woti munthu n'kunjatidwa nawo. Musaganize kuti n'zovuta kuwagwira. Malisiti a miyezi 12 olembedwa ndi cholembera chimodzi, dzanja limodzi, manambala otsatizana bwinobwino, mapepala oyera mbee opanda ngakhale dontho la dothi la ku Lizulu, odita amawazindikira asanafike tsamba lachitatu. Akapeza limodzi labodza, amasiya kukhulupirira ngakhale enieni a K12 miliyoni aja.

Tsopano funso lanu lalikulu, loti umboni apereke ndani. Mukuganiza monga momwe anthu ambiri amaganizira, kuti wonena mnzake ndiye aonetse umboni. Pa milandu yaupandu zili chomwechodi. Malamulo oyendetsera dziko lino, pa ndime 42, amati woimbidwa mlandu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Choncho boma likakutengerani ku khoti kuti munazemba msonkho, ndi boma limene liyenera kutsimikizira khoti, popanda chikaiko chomveka, kuti munachita zimenezo ndipo munachita mukudziwa.

Koma kalata yanuyo sinafike kumeneko. Mkangano umene ulipo ndi woti msonkho wanu ndi ndalama zingati, ndipo pa mkangano umenewu mtolo wa umboni umatembenuka n'kugwera inu. Chiwerengero cha a MRA chimatengedwa kuti n'cholondola mpaka wokhoma msonkho ataonetsa kuti chapitirira. Munthu amene akunena kuti ndalama iyi si ya malonda, kapena kuti ndalama iyi ichotsedwe pa phindu chifukwa ndinaigwiritsa ntchito pogula katundu, ndi yemweyo amene ayenera kuonetsa umboni wake. Ndikudziwa kuti zimamveka ngati nkhanza, koma chifukwa chake chilipo. Amene anali pa msika tsiku logula ndinu. Amene akudziwa alimiwo, mitengo yake ndi matumba ake ndinu. A msonkho sanalipo, ndipo lamulo linakuuzani kale kuti muzisunga mabuku. Ubwino wake, mlingo wa umboni pano ndi wotsika kusiyana ndi wa mlandu waupandu. Simukufunika kuchotsa chikaiko chonse. Mukungofunika kuonetsa kuti nkhani yanu ndi imene ikuoneka yoona kuposa chiwerengero chawo. Kungonena kuti "K9 miliyoni yachuluka" sikukwanira. Muyenera kuonetsa kuti yachuluka pati ndiponso kuti yoyenera ndi iti.

Tiyeni tione momwe anafikira pa K9 miliyoniyo. Anatenga K48 miliyoni yonse ngati ya malonda, n'kuchotsapo K12 miliyoni ya zogula ndi K6 miliyoni ya mayendedwe. Phindu linatsala K30 miliyoni, ndipo msonkho wa kampani pokhala 30 peresenti, ndiyo K9 miliyoni. Mkangano wanu uli pa zigawo zitatu: K16 miliyoni ya zogula zomwe akana, K5 miliyoni ya achimwene, ndi K3 miliyoni ya pamsewu. Chigawo chilichonse chili ndi njira yakeyake, ndipo musazisakanize m'kalata yanu.

Ndikhalitsa pa K16 miliyoni chifukwa ndi pamene pali ndalama zambiri, K4.8 miliyoni ya msonkho. Mlimi wa ku Tsangano kapena ku Mlangeni amene wabwera ndi matumba asanu pa ngolo sakhala ndi buku la malisiti, ndipo a msonkho akudziwa zimenezo. Lisiti ndi umboni wabwino koma si umboni wokhawo. Yambirani kumapeto, kumene mapepala alipo. Sukulu iliyonse imene munaperekera ili ndi mapepala olandirira katundu osainidwa ndi woyang'anira sitolo, ili ndi mainvoisi anu, ili ndi ziphaso za msonkho umene inadula. Sonkhanitsani zonsezo muwerenge matumba. Tiyerekeze kuti apezeka matumba 800 ogulitsidwa pa K50,000 limodzi, ndiyo K40 miliyoni yanu ija. Ngati munkagula pa K35,000, matumba 800 ndi K28 miliyoni. Koma K12 miliyoni imene avomereza ikungogula matumba pafupifupi 343. Nanga matumba 457 enawo, amene a msonkho akuvomereza kuti munagulitsa ndipo akufuna msonkho wake, anachokera kuti? Kampani yanu ilibe munda. Munthu sagulitsa chinthu chimene sanachipeze. Ikanimo manambala anu enieni m'malo mwa anga, ndipo mfundo imeneyi ikhale msana wa kalata yanu.

Payokha mfundoyi ikuonetsa kuti munagula, koma sikuonetsa mtengo. Apa ndi pofunika tizidutswa tating'onoting'ono. Pitani mukatenge sitetimenti ya ku banki ndi ya ndalama za pa foni ya chaka chonsecho, mulembe mzere pa tsiku lililonse limene munatapa ndalama zambiri, kenako muyerekeze ndi masiku a msika komanso masiku amene katundu anafika ku sukulu. Mukapeza kuti Lachiwiri munatapa K1.4 miliyoni ndipo Lachinayi sukulu inalandira matumba 40, ndiye kuti mapepala awiri osadziwana akulankhula chinthu chimodzi. Matikiti a pa zipata za Kalinyeke ndi Chingeni amaonetsa tsiku limene lole inadutsa. Ziphaso za khonsolo za pa msika, mauthenga a pa foni okambirana mitengo ndi alimi, kope la mnyamata wokweza matumba, zonsezi musazipeputse.

Ndikukumbukira mayi wina wogula nyemba amene anabwera kwa ine ali ndi nkhani yonga yanuyi. Nditamufunsa za mabuku anati alibe. Tikucheza anatulutsa m'chikwama kope la ana a sukulu, chikuto chitathothoka, masamba ena atadetsedwa ndi mafuta a mandasi, momwe ankalemba dzina la mlimi, ndowa zingati, ndalama zingati, tsiku ndi tsiku. Iye ankachita nalo manyazi, ankafuna kuti tilikopere m'buku labwino. Ndinamukaniza. Kopelo linali ndi mphamvu chifukwa cha kuda kwakeko: zolembera zosiyanasiyana, pena pofufutidwa, pena polembedwa mothamanga. Aliyense ankaona kuti linalembedwa pa msika, pa nthawi yake. Ngati muli ndi kope lotere, lijambuleni mupereke zojambulazo, lenilenilo musunge, ndipo musawonjezeremo ngakhale chilembo chimodzi.

Alimi amene mumagula kwa iwo kawirikawiri akhoza kukulemberani makalata. Kusiyana kwake ndi malisiti a mnzanu aja n'kwakuti kalatayo ikhala ndi deti la lero, inena poyera kuti ikukamba za chaka chatha, ikhala ndi dzina, mudzi ndi nambala ya chiphaso cha unzika cha mlimiyo, ndipo iye akhala wokonzeka kuyankha akafunsidwa. Asalembe zimene sakukumbukira. Kalata yonena kuti "ndinamugulitsa matumba pafupifupi 30 pakati pa Epulo ndi Julaye" ndi yabwino kuposa yotchula masiku ndi mitengo yopeka. Sindingakulonjezeni kuti K16 miliyoni yonse ivomerezedwa, poti pena umboni umaperewera pa miyezi ina, koma gawo lalikulu limatheka.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kukuchenjezani, poti pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire, ukawoloka uli ku Mozambique. Ngati ena mwa matumbawo munagula kutsidya, imeneyo ikukhudza malamulo olowetsa katundu m'dziko, omwe ndi ena. Muuzeni wokuthandizaniyo zimenezi musanapereke makalata a alimi, asadzazimvere kwa odita.

K5 miliyoni ya achimwene ndi yosavuta ngati inabwera kudzera ku banki kapena kwa otumiza ndalama. Ngongole si phindu, siikhomedwa msonkho. Pezani pepala lotumizira, mauthenga amene munkakambirana, kalata ya achimwenewo yotsimikiza, ndipo ngati mwayamba kubweza, umboni wa kubwezako ndiwo wamphamvu koposa. Ngati inabwera pamanja ndi dalaivala wa basi, ntchito ikula, koma tsiku limene munaiika ku banki ndi mauthenga a masiku amenewo zithandiza.

Pa K3 miliyoni ya pamsewu ndikuuzani mosapita m'mbali: pamenepo a msonkho akunena zoona. Ndi ndalama ya malonda ndipo inayenera kulembedwa. Kaya kunali kuzemba kapena kulekerera, zikutengera ngati munaisiya mwadala, ndipo poti munaiika ku akaunti ya kampani momwe aliyense angaione, sizikuoneka ngati zochita za munthu wobisa. Ivomerezeni m'kalata yanu yomweyo. Msonkho wake ndi K900,000, ndipo ungachepe ngati matumba amenewo sanawerengedwe mu K28 miliyoni ija. Padzakhala chindapusa ndi chiwongola dzanja, zimenezo muziyembekezere, ndipo mukhoza kupempha kuti akuchepetsereni chindapusacho. Musayese kuibatiza kuti nayonso ndi ngongole. Mukanama pa K3 miliyoni mutaya chikhulupiriro pa K21 miliyoni yomwe muli ndi choonadi. Zonse zikayenda bwino, malonda adzakhala K43 miliyoni, zochotsa K34 miliyoni, phindu K9 miliyoni, msonkho K2.7 miliyoni. Poti K1.8 miliyoni munalipira kale, yotsala ndi K900,000, osati K7.2 miliyoni.

Nthawi ndiyo ingakugwetseni msanga kuposa china chilichonse. Muli ndi masiku 30 oti mupereke kalata yotsutsa chiwerengerocho kwa Komishonala Wamkulu wa MRA, ndipo kuti mukhale otetezeka werengani kuyambira pa deti lomwe lili pa kalata yawo. Kupita ku ofesi kukadandaula pakamwa sikuwerengedwa ngati kutsutsa, ngakhale ofisala atakumverani chisoni chotani. Lembani, tchulani chigawo chilichonse ndi chifukwa chake, phatikizani umboni umene mwapeza, nenani kuti wina ukubwera, ndipo kope lanu alidinde posonyeza tsiku lomwe alandira. Masikuwo akadutsa, chiwerengerocho chimakhazikika, ndipo MRA ili ndi mphamvu yolamula banki yanu, ngakhale sukulu zimene zili ndi ngongole kwa inu, kuti zipereke ndalamazo kwa iwo. Dziwaninso kuti kutsutsa pakokha sikuimitsa ngongole. Lipirani msanga K900,000 imene simukuitsutsayo, ndipo mufunse molemba kuti pa yotsalayo akufuna chiyani pamene nkhani ikuunikidwa. Komishonala akakana, njira sinathe. Malamulo a 2021 anakhazikitsa bwalo lapadera lomva ma apilo a misonkho, ndipo pamwamba pake pali nthambi ya Khoti Lalikulu yoona za misonkho.

Pa ndalama zochuluka chonchi musayende nokha. Pezani akauntanti wovomerezeka wozolowera za msonkho sabata ino, osati wongolemba mafomu pa khonde la sitolo. Ndipo mukangomva kuti nkhani yapita kwa ofufuza milandu, kapena akakuitanani kuti mukapereke sitetimenti atakuchenjezani kuti zonena zanu zingagwiritsidwe ntchito ku khoti, pamenepo pakufunika loya musanayankhe kanthu, chifukwa malamulo a umboni amakhala asintha.

Kwatsala nkhani ya mayi. Imeneyi ndiyo ili pakati penipeni, ndipo ikhoza kugwera mbali iliyonse. Kale ku Mangalande, m'zaka za m'ma 1930, khoti lalikulu la kumeneko linagamula pa mlandu wa Duke wa ku Westminster, amene anasintha njira yolipirira antchito ake kuti msonkho wake uchepe, kuti munthu ali ndi ufulu wokonza zinthu zake kuti alipire wochepa. Mfundo imeneyo ikadalipo, koma kuyambira 1981 makhoti omwewo anayamba kukana njira zongopeka zopanda cholinga china koma kuthawa msonkho. Kwathu kuno lamulo la msonkho, pa ndime 127, limapatsa Komishonala mphamvu yonyalanyaza dongosolo lotere n'kuwerengera msonkho ngati kuti silinachitike. Apa munthu samangidwa, koma phindu lonse limene ankafuna limatha.

Choncho ngati mayi akufunadi bizinesi yawo, palibe choletsa. Akhale ndi nambala yawo ya msonkho ya TPIN, akaunti yawo, mpamba wodziwika kumene wachokera, makasitomala awo, mabuku awo, ndipo azilemba okha za msonkho wawo. Odita akabwera adzafunsa mafunso a pansi: amapita ku msika kukagula ndani, amakambirana mtengo ndi sukulu ndani, matumba akaola amaluza ndani, ndalama ikalowa amaitapa ndani. Ngati mayankho onse ndi inu, ndipo mayi angobwereketsa dzina, ndiye kuti malondawo adzabwezedwa pa kampani yanu. Ndipo ngati cholinga n'chakuti theka limenelo lisaoneke n'komwe kwa a msonkho, kumeneko n'kuzemba, ndipo mwawalowetsamo ndi mayi omwe. Langizo langa n'lakuti musasinthe kalikonse pa kayendetsedwe ka kampani mpaka mkangano uno utatha, chifukwa kusamutsa malonda kalata ya msonkho ili pa tebulo kumaoneka ngati kuthawitsa katundu.

Chimene mungasinthe mawa lomwe ndi kagulidwe. Sindikizani buku lanulanu la mapepala ogulira, la masamba awiriawiri okhala ndi manambala. Mlimi aliyense akagulitsa, mulembe tsiku, dzina, mudzi, nambala ya chiphaso kapena ya foni, matumba ndi mtengo, iye asaine kapena adinde chala, atenge tsamba limodzi, lina litsale. Pomwe zingatheke mulipire pa foni. Zogulitsa za pamsewu zikhale ndi tsamba lake madzulo aliwonse, ndipo ngongole iliyonse yolowa mu akaunti ya kampani ikhale ndi kalata yake tsiku lomwelo. Mabukuwa muziwasunga zaka 7 pamalo posafika chinyezi ndi makoswe. Muwafunsenso akauntantiwo za msonkho umene kampani imayenera kudula polipira zokolola, poti buku latsopanoli lidzaonetsa poyera ndalama zimene mukulipira mlimi aliyense.